Denga Limene Ioelu Anameta

Chigwireni matenda ofa ziwalo, Pelenato anatsala ndi mawu amodzi okha, ndipo nawonso anali oduka. "Tulu," ankatero, kukamwa kutakhotera kumanzere. "Tulu... tulu."

Mkazi wake, Sieni, sanavutike kumasulira. Kuno ku chilumba cha Savai'i mwana amaphunzira kunena kuti tulou asanadziwe n'kupukuta mamina komwe. Ukamadutsa pamaso pa anthu okhala pansi umawerama n'kunena mawu amenewo, ndiko kupepesa kwake. Choncho Sieni akamamutembenuza mwamuna wake pabedi, akamamusambitsa, akamamuchotsera zoipa, ndipo iye n'kumati tulu, tulu, mayiyo ankadziwa kuti munthuyo akupepesa chifukwa chomuvutitsa.

Zinkamukhudza mtima kwambiri, tinene zoona. Pa zaka makumi anayi ndi chimodzi za banja lawo, Pelenato anali asanapepeseko. Anali mmisiri womanga nyumba za makolo, zozungulira zija, za nsanamira zokhazokha popanda khoma, ndipo amisiri otere sadziwa kupepesa. Chaka china anapita ku chilumba cha Upolu kukamanga nyumba ya alendo ya mfumu ina, anakhalako miyezi isanu ndi iwiri osatumiza ngakhale moni, ndipo pobwera mawu ake oyamba anali ofunsa ngati nsomba zapsa. Tsono lero munthu yemweyo ndi uyu akupepesa m'mawa ndi madzulo. Sieni ankamusisita phewa n'kuyankha kuti, "Palibe kanthu, a Pele. Palibe kanthu." Nthawi zina ankatulukira kuseri kukapukuta misozi.

Ankamugoneka m'nyumba yatsopano, imene anawamangira mwana wawo Ioelu, woyendetsa basi kunja, ku mzinda wa Auckland. Inali nyumba ya mabuloko a simenti, malata ofiira, mawindo a timagalasi totsekula ngati nthiti. Pulani yake inachokera komweko, kumene anthu amamanga moti dzuwa lilowe m'nyumba chifukwa amalisowa. Malata anathera pakhoma penipeni, otsala kunja osakwana n'chikhatho chomwe. Itatha, Pelenato anaizungulira kamodzi manja ali kumbuyo, anati ndi yokongola, ndipo kwa zaka ziwiri anapitiriza kugona m'nyumba yake yakale ya masamba kuseri. Analowa m'nyumba ya mwana wake atachita kunyamulidwa.

Namwino wa m'deralo, Leitu, anafika Lachiwiri lina la mu Januwale, mvula itangokata. Atangolowa m'chipinda anaima n'kudzikupiza ndi kabuku kake.

"Amayi, muno mukuphikamo anthu kodi?"

"Mvula imalowera pa mawindo, mwanangu. Ikayamba timatseka."

"Nanga ikakata?"

"Ikakata timatsekula, kenako ina yabwera. Miyezi ino umaidziwa wekha."

Leitu anavundukula nsalu. Pelenato anali ndi zilonda ziwiri, china pansi pa msana, china pa ntchafu pafupa penipeni, ndipo cha pamsanacho chinali chayamba kuzama. Nsalu yogonera inali chinyontho chokhachokha ndi thukuta. Namwinoyo anatsuka, anamanga, ndipo nthabwala zinamuthera.

"Mumawatembenuza?"

"Maola awiri alionse, monga unanenera."

"Ndikukhulupirira. Koma khungu likamakhala m'thukuta chonchi limafewa, limangonyenyeka. Munthuyu akufunika mpweya. Ndibweranso pakatha masabata atatu. Chilondachi chikakhala kuti chapitirira, ndiwalembera kalata apite ku chipatala chachikulu ku Apia. Sindidzamva za wina aliyense."

Pelenato anali akuyang'ana pawindo, pamene madzi ankatsikirabe pagalasi. "Tulu," anatero. "Tulu."

"Mwamva? Akukupepesa iwenso," anatero Sieni.

"Asapepese, achire," anayankha Leitu akutseka chikwama.

Sieni ankadziwa chimene Apia ankatanthauza. Mwamuna wake anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu, ndipo malo a manda ake anali atalozeratu yekha, patsogolo pa nyumba, pambali pa bambo ake. Okalamba a msinkhu wotere akakwera sitima ya pamadzi ya ku Upolu, kumene kuli Apia, ali chigonere, ambiri amabwerako m'bokosi. Mayiyo anachita mantha, ndipo mantha ake anamutuma kuseri kukayang'ana nyumba yakale ija.

Inali italekedwa miyezi isanu yokha, koma kuno chinthu chikalekedwa sichichedwa kuoneka. Nkhuku zinali zitaiyesa yawo. Denga la mbali ya kumapiri linali litawola n'kuboka malo atatu, ndipo masamba olendewera m'mphepete anali atathothoka kuzungulira konse. Koma nsanamira zinali zolimba, zingwe za makoko a kokonati zomangira mapaso zili gwa monga anazisiyira mwini wake. Sieni anakhala pansi pa timiyala. Kunja dzuwa linali litatulukanso, nthaka ikufuka nthunzi, koma m'menemo kamphepo ka kunyanja kankalowa mbali iyi n'kutulukira mbali inayo, ndipo pamutu panalibe chowotcha. Anakhala mpaka bulauzi yake inauma kumsana.

Ioelu anali atabwera pa Khirisimasi ndipo tchuthi chake anachiwonjezera chifukwa cha matendawo. Anali munthu wamtali, wabwino mtima, wokonda kuti zinthu zizioneka bwino kwa odutsa mumsewu. Amayi ake atamuuza maganizo awo, anaika kapu ya chakumwa cha koko pansi.

"Mukufuna anthu azinena chiyani? Kuti Ioelu anataya bambo ake m'khola la nkhuku, nyumba yabwinobwino ilipo?"

"Anthu anena kale zambiri, sanafepo ndi kunena."

"Ndigula fani ina. Ziwiri."

"Ilipoyo ikuzunguza mpweya wotentha womwewo. Kagwire khoma la kuchipinda kwa bambo ako dzuwa likapendeka, ukandiuze ngati si chiwaya. Dzuwa limalimenya tsiku lonse, palibe cholitchinga. Pamwamba malata akuwotcha. Mvula ikabwera titseke mawindo. Iwe umagona pakhonde la tchalitchi masana, ukuyesa sindikuona?"

Ioelu anaseka pang'ono mwamanyazi, chifukwa zinali zoona.

"Zaka zisanu ndi zinayi ndagwirira ntchito nyumba imeneyi, amayi."

"Ndikudziwa, ndipo sindikuigwetsa. Alendo azifikira momwemo, aziona matailosi ako. Koma bambo ako sakwera sitima."

Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mwambiwo unali wosafuna kumasulira. M'mawa mwake Sieni anapita kwa amayi a komiti ya m'mudzi. Amayiwo anakwera kumunda kukathyola masamba ouma a nzimbe, aja ataliatali ofolerera, n'kubwera nawo mitolomitolo. Kwa masiku anayi anakhala pabwalo akupinda masambawo pa timitengo totalika ngati mkono, n'kumawabaya ndi nthiti za masamba a kokonati kuti agwirane, kachigawo kamodzi pambuyo pa kanzake mpaka mulu unafika m'chiuno. Ena ankaluka mapola, timikeka tija ta masamba a kokonati timene timalendewera pakati pa nsanamira, tokwezeka ndi kutsitsika ndi chingwe. Fuatino, mnzake wa Sieni wa pakamwa posatseka, ankaonetsetsa kuti pasakhale wogona.

"Ioelu! Bwera udzaphunzire, mwina ku Auckland udzafolera basi yako!"

"Basi yanga sidontha, amayi Fuatino."

"Nanga nyumba yako ija bwanji imalira misozi pa mawindo?"

Amuna anakwera padenga Lolemba lotsatira. Anayambira pansi kupita m'mwamba monga mwa ntchito yake, wina ali kunja kuyala, wina m'kati kumangirira chigawo chilichonse ku phaso, mzere uliwonse kukwirira unzake wa m'munsi n'kungousiyira zala zitatu. Denga lotere limakhala lochindikala kwambiri, kutentha sikulipyoza, ndipo poti ndi lotsetsereka kwambiri madzi sapeza nthawi yolowerera. Ioelu anagwira nawo ntchito mwamphamvu, manja anatuluka matuza, ndipo pofika Lachitatu anali atayamba kuinyadira nyumbayo ngati maganizo anali ake.

Panatsala ntchito imodzi. Nyumba ikafoleredwa, masamba a mzere wa pansi amalendewera osalingana, ena mpaka m'chiuno, ndipo amafunika kudulidwa kuti akhale mzere umodzi. Imeneyi ndi ntchito ya mmisiri yekha, ndiyo yomaliza, ndipo wina saigwira mmisiriyo ali moyo. Amunawo anakhala pansi pa mtengo n'kuyang'anana. Mmisiri anali moyo, koma dzanja lake lamanja linali chigonere pa ntchafu ngati nsomba. Anagwirizana kuti mwana wake adule, mwini wake akuonerera.

Sieni anamuveka Pelenato malaya oyera n'kumukankha pa njinga yake ya odwala kupita naye pabwalo. Ioelu anatenga chikwanje chonola ndi thabwa lotsamiritsira. Anaima n'kuyang'ana. M'mutu mwake munali njinga ya bambo ake, mmene azidzailowetsera ndi kuitulutsa, ndiponso msana wake womwe, umene unatopa ndi kuwerama masiku atatu. Anaganizanso kuti m'kati muziwala, komanso kuti odutsa aziona zingwe zoluka bwino za bambo ake pamitu ya nsanamira. Zonsezi zinali zifukwa za mwana wabwino. Anaika thabwa molingana ndi mtanda wa pamwamba pa nsanamira, pamene mutu wake unkadutsa osagunda, n'kuyamba kudula.

Masamba oyamba atagwa, Pelenato anagwedezeka pa njinga.

"Tulu! Tulu!"

Nthawi imeneyo Sieni anali akumudutsitsa pamaso pa amuna okhala pansi aja, ndipo munthu wa pa njinga amakhala pamwamba kuposa wokhala pa mkeka. Mmodzi wa akuluakuluwo anagwedeza mutu mosirira.

"Taonani ulemu. Matenda atenga zonse koma mwambo ausiya. Dutsani, mmisiri, dutsani, palibe mlandu."

"Tulu!" Nkhope ya Pelenato inafiira, dzanja lake lamanzere likumenya chitsulo cha njinga.

"Akumva, a Pele, akumva," anatero Sieni. Anaona kuti dzuwa lamukwana, ndipo anamubweza m'nyumba kuti akapume. Kumbuyo kwawo chikwanje chinkamveka chikuzungulira.

Inatuluka nyumba yaudongo zedi, yometedwa bwino ngati mwana wa sukulu tsiku lotsekulira. Ena mwa akuluakulu aja anaiona kuti yakwera, koma mwana wa mmisiri wadula bambo ake ali pompo, ndiye iwe ndani? Anadya talo, chilazi cha kuno, ndi nsomba, anathokoza, anabalalika.

Lachinayi anamusamutsa. Anaika bedi chapakati, neti yake pamwamba, mikeka yatsopano pa timiyala. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake kunali ng'amba, ndipo Sieni anaona kuti nsalu yogonera ikukhala youma kwa nthawi yoyamba chiyambire mvula. Chokhacho, dzuwa la m'mawa ndi la madzulo linkalowa mpaka pa miyendo ya bedi, moti ankachita kutsitsa mapola mbali imeneyo. Sanakumbuke kuti kale ankatero, koma sanaziganizire.

Loweruka masana kunyanja kunada. Mvula ya kuno siitumiza mthenga, mphepo inangofika n'kuweramitsa mitengo ya kokonati, madontho ali pambuyo pake. Sieni anathamanga kutsitsa mapola a mbali ya kunyanja, monga anachitira zaka zonse, n'kusiya a mbali ya kumapiri otsekula kuti mpweya uziyenda. Koma madzi otsika padenga, m'malo mogwera kutali pa miyala ya kunja, ankagwera pafupi ndi nsanamira, ndipo mphepo inkawakankhira pa mapola penipeni. Analowa pampata wa pamwamba, pakati pa mtanda ndi pola loyamba, pamene kale pankabisika kuseri kwa masamba. Anayenderera m'kati mwa mapolawo, ena n'kumawazika ngati munthu akuwaza ndi tsache. Sieni anatsitsa mbali zonse, nyumba inada n'kukhala yotsekeka ngati ya mabuloko ija, koma mbali ya mphepo madzi sanaleke. Mikeka inanyowa. Neti inayamba kudontha.

"Ioelu! Bwera tikoke bedi!"

Anakokera bedi mbali ya kumapiri, koma nyumbayo inali yaing'ono. Bulangete linali litanyowa kale, ndipo Sieni atapisa dzanja pansi pa msana wa mwamuna wake anapeza bandeji ili chinyontho. Panali patatha masiku khumi ndi limodzi chichokereni Leitu. Mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo iyi inagwa maola awiri.

"Ndinanena ine," anatero Ioelu, madzi akutsika m'tsitsi. "Tiwabwezere m'nyumba. Izi ndi za makedzana, amayi, zinatha ntchito."

"Ndagona muno zaka makumi anayi, sindinanyowepo chonchi."

"Ndiye lero mwanyowa."

Sieni anagwada n'kuyamba kumasula bandeji, ali ndi mkwiyo wosadziwa woukwiyira. Pelenato anali atagona chammbali. Dzanja lake lamanzere linatuluka m'bulangete n'kumugwira mkono mwamphamvu, mphamvu imene mayiyo sankadziwa kuti idakalipo.

"Tulu... tulu."

"Palibe kanthu, a Pele, musa..."

Anamugwedeza mkono. Sanali kuyang'ana iye. Maso ake anali pampata uja wa pamwamba pa pola, pamene mphepete mwa denga munkaonekera, madontho ali ndondondo kutsika pa masamba odulidwa. Anakoka mpweya, milomo ikulimbana, ndipo anabwereza mawu aja kawiri mofulumira, osapumira pakati.

"Tulutulu."

Sieni anakhala pansi pa mkeka wonyowawo. Tulutulu ndi dzina la masamba aja olendewera m'mphepete mwa denga, pamene madzi amadonthera. Mawu amenewa anawamva pakamwa pa mwamuna wake kambirimbiri, akukalipira ophunzira ake. Anakumbukira m'chipinda chija, mmene munthuyo ankayang'anira pawindo nthawi iliyonse akamatseka magalasi, pa nyumba imene denga lake linathera pakhoma. Anakumbukira Lachitatu, dzanja likumenya njinga. Miyezi isanu yonseyi mwamuna wake sanapepese ngakhale kamodzi.

Zinamupweteka. Anamva manyazi ngati munthu amene wavinira ng'oma ya ukwati wa eni. Kenako kuseka kunamutulukira kokha, misozi ili m'maso.

"Inu a Pele, inu! Ine kumakukhululukirani tsiku ndi tsiku, kumalira kuseri kuti matenda akuphunzitsani ulemu, pamene inu mukunena za masamba!"

Pelenato anatseka maso n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu.

"Akuti chiyani?" anafunsa Ioelu.

"Akuti wameta nyumba yawo mpala. Akuti ndi yako yomwe ija ilibe tulutulu. Akhala akunena miyezi yonseyi."

Ioelu anayang'ana m'mwamba, anayang'ana bambo ake. Anatsekula pakamwa kuti adziteteze, koma madzi anamudonthera pamphumi, ndipo anangopukuta.

Lamulungu sagwira ntchito. Anamugoneka Pelenato m'nyumba ya mabuloko masiku amenewo, mawindo akutsekedwa ndi kutsekulidwa, Sieni akumupepesa yekha tsopano. Lolemba m'mamawa anali kale pakhomo pa Fuatino.

"Masamba enanso? Aja munadya?"

"Anadya ndi mwana wanga, ndi chikwanje."

"Ndinaona ine kuti nyumba yavala siketi ya atsikana a ku Apia, koma ndinati ndingalankhule chiyani ine, mkazi wopanda sukulu."

"Tsiku lokhalo limene unatseka pakamwa ndi limene tinakufuna."

Masamba ouma anavuta kupeza mvula itagwa chotero, ndipo anachita kukapempha kumudzi woyandikana nawo kumene ena anasunga m'nyumba. Mzere umodzi wokha ndi umene unkafunika. Lachitatu amuna anabweranso, osanena zambiri, anatukula masamba a mzere wachiwiri ndi mitengo, anamasula ometedwa aja n'kulowetsa atsopano kunsi kwake, kumangirira kuchokera m'kati. Pofika masana nyumba inali yanyankhalala ngati poyamba.

Ulendo uno Pelenato sanamuike pabwalo. Analoza yekha ndi dzanja kuti amulowetse, ndipo atafika pakati anamenya njinga mpaka anamva kuti akufuna kutsika. Ioelu anamunyamula n'kumukhazika pa mkeka, Sieni atamuchirikiza kumsana. Apo ndi pamene mayiyo anakumbukira kuti mwamuna wake sankayeza mphepete mwa denga ataimirira. Ankakhala pansi pakati pa nyumba, pamene eni ake adzakhale, wophunzira ali kunja ndi thabwa.

Ioelu anatuluka, anaika thabwa pa msinkhu wa chibwano chake.

"Apa, ababa?"

Dzanja linaloza pansi.

"Apa?"

Pansi.

"Ababa, anthu azilowa chokwawa?"

"Tsitsa, iwe," anatero Sieni. "Bambo ako ankati munthu wokhala pamkeka aziona thunthu la mtengo, asamaone nsonga yake. Ukaona thambo, dziwa kuti nalonso likukuona."

Thabwa litafika pachifuwa pa Ioelu, dzanja linagwa pa ntchafu. Pamenepo masamba ankatulukira kunja kwa nsanamira pafupifupi mkono wathunthu, n'kuphimba mtanda ndi pola loyamba lonse. Ioelu anadula pang'onopang'ono, akuzungulira, ndipo pa nsanamira iliyonse ankaima n'kusuzumira m'kati kuti aone dzanja. Kawiri linamubweza. Atamaliza anaika chikwanje pansi n'kulowa, ndipo kuti alowe anachita kupinda msana mpaka manja anafika m'mawondo. Anapezeka ali chiweramire pamaso pa bambo ake okhala pansi, ndipo mawu anatuluka okha monga anawaphunzirira ali mwana.

"Tulou."

Fuatino anaseka kunja. "Nyumba yamuphunzitsa mwambo! Auckland yalephera!"

Mvula inabweranso Lachisanu, ndi mphepo yake. Sieni anatsitsa mapola anayi a mbali ya kunyanja n'kukhala pansi kudikira. Madzi ankagwera pa miyala ya kunja, mzere umodzi wowongoka kuzungulira nyumba, ndipo owazika ankathera pa mapola a m'munsi. Mbali ya kumapiri inali yotsekula, mpweya wozizira wa mvula ukudutsa pabedi. Anagwira mkeka, unali wouma. Anagwira nsalu ya pansi pa msana, inali youma. Ioelu anakhala nawo mpaka inakata, ndipo madzulo ake anamuona ataima pakona pa nyumba yake ya mabuloko, akuyeza ndi ndodo kuchokera pa malata kupita kunja.

Leitu anafika Lachiwiri, tsiku lake lenileni. Anapita kaye ku nyumba yatsopano, anapeza mulibe munthu, ndipo anazungulira kuseri akuitana. Polowa anagunda mutu pa masamba, timadzi tinamugwera m'khosi.

"Ndani anamanga msampha umenewu?"

"Wodwala wako," anayankha Sieni. "Werama, sunakule kuposa amfumu."

Namwinoyo anasamba m'manja, anamasula bandeji, anayang'ana nthawi yaitali. Anatulutsa kapepala koyezera. Sieni anali ataimirira kumutu kwa bedi atagwira chitsulo.

"Cha pa ntchafuchi chikutseka. Cha pamsanachi sichinapole, musadzinamize. Koma sichinapitirire, ndipo m'mbalimu mwayamba kumera mnofu wabwino. Khungu lozungulira lauma." Anayamba kumanga. "Muzitembenuzabe maola awiri alionse. Mazira ndi nsomba azidya, asamangomwa koko. Ndidzabwera pakatha sabata ziwiri."

"Nanga kalata?"

"Kalata yanji? Pepala ndi lodula, amayi."

Sieni anamuperekeza mpaka kumsewu, anamupatsa mapapaya awiri, ndipo pobwerera anadutsa pambali pa manda a apongozi ake osayang'anapo. Anawerama, analowa, anakhala m'mphepete mwa bedi. Nthawi yotembenuza inali itakwana. Anapisa dzanja limodzi pansi pa phewa, lina pansi pa chiuno, anakoka monga ankachitira kakhumi ndi kawiri pa tsiku, anaika pilo pakati pa mawondo.

"Simukupita ku Apia. Mwamva? Mukhala pompano muzindizunza."

"Tulu," anatero Pelenato.

Sieni anatembenuka msanga kuyang'ana denga. Anayendetsa maso kuzungulira konse, nsanamira ndi nsanamira. Masamba anali mzere umodzi, owongoka, popanda lothothoka ngakhale limodzi, ndipo kunja kunalibe mvula.

"Palibe cholakwika apa, a Pele. Mukuona pati?"

Atabweza maso anapeza kuti mwamunayo sakuyang'ana denga. Ankayang'ana manja a mkazi wake, otupa m'mfundo, osuwa ndi sopo wa miyezi isanu. Dzanja lake lamanzere linali litagwira chala chimodzi.

"Tu... lou."

Sieni anakonza pilo amene anali wokonzeka kale.

"Mwachedwa nazo zaka makumi anayi," anatero. Koma chalacho sanachichotse, ndipo madzi a koko amene anateleka anaphwera pamoto.